Kukula kwa kapasita kuyezedwe pa mota yopanda katundu

Inu achinyamata amene mwangoyamba ntchito ya zamagetsi, posachedwa mwini chigayo kapena mwini fakitale adzakuitanani atagwira bilu m'manja. Adzakuuzani kuti wamva zoti kapasita amachepetsa ma kVA, ndipo akufuna mumuikire. Sananame. Amene amalipira ku ESCOM potengera ma kVA ochuluka kwambiri amene anakoka pa mwezi amapinduladi pawa fakita ikakwera, ndipo ngakhale amene salipira motero amaona mawaya ndi thiransifoma zikupepukidwa. Ntchitoyo ilandireni. Chimene ndikufuna kukuchenjezani ndi chiwerengero chimodzi chimene ambiri amachitenga pa malo olakwika. Kapasita amene mwamumangirira pa mateminolo a mota, kuti aziyaka ndi kuzima limodzi ndi motayo, kukula kwake sikuchokera pa pawa fakita imene mukuilakalaka. Kumachokera pa karenti imene motayo imakoka ikamazungulira yopanda katundu.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mkati mwa mota. Mota ya mafezi atatu, ya mtundu wamba uja wopanda mabulashi, ilibe maginito akeake. Iyenera kupanga mphamvu ya maginito m'chitsulo chake pogwiritsa ntchito karenti yochokera pa laini. Choncho karenti imene mumawerenga pa kilampu mita ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi imene imasanduka ntchito, kupera chimanga kapena kukankha madzi. Inayo ntchito yake ndi kusunga maginito basi. Imapita ndi kubwerera pakati pa mota ndi thiransifoma, ikutenthetsa mawaya popanda kupera kanthu. Imeneyi ndiyo timaiyeza mu ma kvar. Kapasita akakhala pafupi, amaipereka yekha karenti ya maginitoyo, ndipo laini imapumako.

Mfundo yoti muigwire bwino ndi yakuti karenti yopangira maginito sisintha kwenikweni, kaya mota yalemedwa kaya ikuzungulira chabe. Mukaithira katundu, ma kvar onse amakweradi, koma chowonjezekeracho chimabwera chifukwa cha karenti yambiri imene ikudutsa m'makoilo, ndipo chimatha katundu akachoka. Pamatsala phata lokhalokha. Pa mamota apakatikati a mapolo anayi, phata limeneli limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a karenti yolembedwa pa chikwangwani cha mota. Pa mamota ang'onoang'ono ndi oyenda pang'onopang'ono limakula kuposa apo, pa othamanga a mapolo awiri limachepa.

Titenge mota ya chigayo ya 30 kW, mapolo anayi, 400 V, 50 Hz. Tinene kuti chikwangwani chikuonetsa pawa fakita ya 0.85 ndiponso kuti pa magetsi 100 alionse olowa, 92 ndiwo amasanduka ntchito. Ikalemedwa mokwanira imakoka 32.6 kW pa laini, 38.4 kVA, karenti ya 55 A, ndipo ma kvar ake ndi 20. Mnyamata wakhama amene wangochoka kusukulu amawerengera zonsezi molondola, n'kunena kuti akaika kapasita wa 20 kvar pawa fakita ifika pa 1. Masamu ake alibe cholakwa, koma waŵerengera mota imene ili ndi katundu komanso yolumikizidwa ku laini. Ngozi imabwera pa nthawi imene zonse ziwirizi palibe.

Tsopano chotsani malamba, muyatse motayo payokha, muyeze karenti kapasita asanalumikizidwe. Tinene kuti mwapeza 19 A pa fezi iliyonse. Lamulo limene amisiri ndi opanga makapasita akhala akulitsata ndi ili:

```
Qc ≤ 0.9 × √3 × U × I0
```

Pano U ndi voteji ya pakati pa mafezi, I0 ndi karenti ya mota yopanda katundu. Pa mota yathu, √3 × 400 × 19 ikutipatsa 13.2 kvar, ndipo tikatengapo magawo 9 mwa 10 tikupeza 11.8 kvar. Amenewo ndi malire. Pa makapasita amene amapezeka m'sitolo, woyenera ndi wa 10 kvar. Wa 12.5 kvar pa 400 V wadutsa kale mzere, wa 20 kvar ali kutali.

Wa 10 kvar sakukumanani zambiri. Mota ikalemedwa, ma kvar ochokera pa laini amatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10, ma kVA amatsika kuchoka pa 38.4 kufika pa 34.2, karenti imachoka pa 55 A kufika pa 49 A, ndipo pawa fakita imafika pa 0.95. Wa 20 kvar akanatsitsa ma kVA kufika pa 32.6. Ndiye kuti ma kvar 10 oyamba akukuchotserani ma kVA opitirira 4, pamene 10 achiwiri akuchotsa osakwana 2. Phindu lalikulu mwalitenga kale musanafike pa malire. Ngakhale kufuna 0.98 kokha pa mota imeneyi kukufuna 13.6 kvar, kumene ndi kupyola 13.2 kvar ya mota yopanda katundu. Ine ndimati pa mateminolo a mota, 0.95 ndi pabwino poimira.

Tione chimene chimachitika mukadina batani lozimitsa pamene kapasita wa 20 kvar ali pa mateminolo. Kontakita amatseguka, laini yachoka, koma mota ndi kapasita atsala olumikizana okhaokha. Chigayo sichiima pomwepo. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi chigayo cha mahamala amadziwa kuti chikazimitsidwa chopanda chimanga chimapitiriza kulira kwa kanthawi ndithu, chifukwa mahamala, shafuti ndi mapule n'zolemera. Mota ikuzunguzidwa ndi kulemera kumeneko, ndipo m'chitsulo chake mukadali maginito. Maginito ozungulirawo amabala voteji m'makoilo, votejiyo imayendetsa karenti mwa kapasita, ndipo karenti ya kapasita ndi ya mtundu womwewo umene mota imafuna kuti ipange maginito. Ngati kapasita akupereka yochepa kuposa imene mota ikufuna, maginito amafooka, voteji imagwa, nkhani yatha. Ngati akupereka yochuluka, maginito amakula, voteji imakwera, karenti ya kapasita imakweranso, ndipo zimangodyetsana. Zili ngati katungwe amene mukumukankha pa nthawi yake yeniyeni: kukankha kulikonse kumamukweza kuposa kwapitako. Mota yasanduka jenereta yodzipatsa yokha maginito, ndipo palibe chowongolera voteji yake.

Chimene chimaimitsa kukwerako ndi chitsulo cha mota. Chikakhuta maginito chimayamba kufuna karenti yambiri pa kukwera kochepa kwa voteji, mpaka kufuna kwake kufanane ndi zimene kapasita akupereka. Koma pofika pamenepo voteji imakhala itapitirira ya laini, nthawi zina ndi theka lathunthu. Makoilo, kapasita yemweyo ndi china chilichonse cholumikizidwa pamenepo chimalandira voteji imeneyo nthawi iliyonse mota ikazimitsidwa. Kamodzi sikapha mota. Koma vanishi wa pa waya amakalamba msanga, ndipo kapasita amayamba kufufuma pamwamba.

Mutha kuwerengera kuti vutoli likhala mpaka liwiro litatsika kufika pati. Mota ndi kapasita amagwirizana pa fulikwense iyi:

```
f = 50 × √(Q0 / Qc)
```

Q0 ndi ma kvar a mota yopanda katundu, 13.2 aja. Ndi kapasita wa 20 kvar, yankho ndi pafupifupi 41 Hz. Mota ya mapolo anayi imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi pa 50 Hz, choncho 41 Hz ndi kuzungulira pafupifupi ka 1,230. Kuyambira pamene mwazimitsa mpaka liwiro litatsika kufika pamenepo, motayo ikudzipangira magetsi. Ndi kapasita wa 10 kvar yankho ndi 57 Hz, liwiro limene mota yozimitsidwa siingafikepo, chifukwa ikungotsika. Tanthauzo lonse la lamulo la 0.9 ndi limeneli, kuika malo ogwirizanawo pamwamba pa liwiro la mota. Gawo limodzi mwa 10 limene timasiyalo si ulesi wa masamu. Kapasita watsopano amatha kukhala wamkulu pang'ono kuposa zolembedwa pa iye, ndipo karenti imene mwayeza ili ndi kagawo kakang'ono ka ntchito yozunguza mabering'i ndi fani. Dziwaninso kuti lamuloli silikutetezani pamene katundu angathe kuthamangitsa mota kupitirira liwiro lake, monga chikepe chotsitsa katundu. Pamenepo kapasita asakhale pa mateminolo n'komwe.

Voteji yokwera imawononga pang'onopang'ono. Chimene chimathyola zitsulo tsiku limodzi ndi kuyatsanso mota ikadali ndi voteji yakeyake. Mota yozimitsidwa ikutsika liwiro, ndiye fulikwense yake siilinso 50 Hz, ndipo voteji yake imasemphana ndi ya laini mphindi ndi mphindi. Wogaya akazimitsa n'kuyatsanso msanga, kontakita atha kutseka pa nthawi imene voteji ziwirizo zayang'anizana. Zikatero makoilo amaona ngati mwawapatsa voteji ziwirizo mophatikiza. Karenti imaposa ya poyambira mota, ndipo shafuti imagwedezeka ndi mphamvu yoposa kangapo imene inapangidwira. Mukatsegula mumapeza kiyi wa pule atadukira mkati, malamba atadumpha, mano a kontakita atawotcherana, kapena makoilo atasuntha kumapeto kwake pamene amatulukira m'chitsulo. Mota iliyonse imasunga voteji kwa kanthawi ikazimitsidwa, ngakhale yopanda kapasita, koma imatha msanga. Kapasita amaitalikitsa nthawiyo, ndipo wamkulu mopyola amaisunga mpaka liwiro litagwa.

Kwathu kuno pali njira ina imene ngozi yomweyi imalowera, yosafuna dzanja la munthu. Magetsi akaphethira, kuzima ndi kubwerera m'kanthawi kochepa, timadalira kuti koilo ya kontakita itaya mphamvu, kontakita atseguka, mota idikira munthu kuti aiyatsenso. Koma ngati laini yaduka kumtunda pamene mota ikudzipangira magetsi, voteji yakeyo imabwerera kudzera mwa kontakita yemweyo n'kudyetsa koilo yake. Ngati pa laini pali katundu wina wochepa, kontakita atha kukhalabe wotseka, mababu a m'chigayo n'kuwala modabwitsa, ndipo magetsi akabwerera amapeza khomo lotsegula. Izi zimathekanso pamene mukusinthira ku jenereta. Jenereta nayonso siikondwa ndi ma kvar opyola: mota ikamayenda yopanda chimanga, kapasita wa 20 kvar amakankhira ma kvar pafupifupi 7 kubwerera kumene magetsi akuchokera, ndipo pa jenereta yaing'ono chowongolera voteji chimayamba kusokonezeka.

Kilampu mita payokha imanamiza pa nkhani imeneyi, ndipo ndikufuna muone mmene imanamizira. Mota yathu yopanda katundu ikukoka 19 A. Kapasita wa 20 kvar pa 400 V amakoka 29 A. Mukayeza pa laini, kumtunda kwa zonse ziwiri, mumaona pafupifupi 10 A, kusiyana kwa ziwirizo. Munthu amasangalala kuti karenti yatsika kuchoka pa 19 kufika pa 10. Mita siikuuzani kuti 10 A imeneyo yatembenuka, kuti tsopano ikutsogola voteji m'malo motsalira. Choncho musayeze pa laini pokha. Ikani kilampu pa waya wa kapasita yekha, muyerekeze ndi karenti ya mota yopanda katundu. Ya kapasita isapitirire magawo 9 mwa 10 a ya mota. Pa mota yathu malire ndi 17 A, ndipo kapasita wa 10 kvar amakoka 14.4 A.

Kuyesa kwina kumaonetsa vutolo ndi maso. Zimitsani ndi kukiya aisoleta, dikirani kapasita atulutse magetsi ake, mutsimikize ndi mita kuti palibe voteji, kenako mangirirani mawaya a votimita yopirira 1,000 V pa mafezi awiri a mota. Talikirani, yatsani, chigayo chifike pa liwiro lake chopanda chimanga, muzimitse maso ali pa mita. Pamene kapasita ali woyenera, voteji imayamba kutsika nthawi yomweyo. Pamene wapyola, imadumpha kupitirira 400 V kapena kukakamira pamwamba kwa kanthawi, kenako n'kugwa mwadzidzidzi liwiro likatsika. Mita ya singano imaonetsa bwino kuposa ya manambala, imene imachedwa kusintha. Za kudikirako musachite nazo chibwana. Makapasita opangidwa motsata muyezo wa IEC 60831 amakhala ndi tizipangizo totulutsa magetsi kuti atsike kufika pa 75 V m'mphindi zitatu, koma tizipangizoto timapsa, ndipo simungadziwe poyang'ana.

Poyeza I0, chotsanidi malamba. Chigayo chopanda chimanga koma chili ndi malamba chikadali katundu, ndipo karenti imakwerako, n'kukupatsani malire okulirapo kuposa enieni. Yang'ananinso voteji pa nthawi yoyezayo. Ngati laini yakwera kufika 420 V, chitsulo chimakhala pafupi kukhuta ndipo karenti imakwera mopitirira muyezo. Yezani pamene voteji ili pafupi ndi 400 V. Matebulo a opanga mamota ndi othandiza ngati mota ndi yatsopano ndipo tebulo ndi la mota yomweyo. Koma mamota ambiri amene mudzakumane nawo anamangidwanso makoilo, ena kawiri, ndipo womangayo akasintha chiwerengero cha mizere ya waya, karenti ya maginito imasinthanso. Chikwangwani chimakhala chikunena za mota imene kulibenso.

Werengani bwino zolembedwa pa kapasita. Ma kvar amayenda ndi voteji kuichulukitsa ndi iyo yokha. Kapasita wolembedwa 12.5 kvar pa 440 V amapereka 10.3 kvar yokha pa 400 V, choncho pa mota yathu ndi woyenera, ndipo amapirira bwino voteji ikakwera. Wolembedwa 12.5 kvar pa 400 V ndi wina, ngakhale mabokosi awo akufanana.

Mukamaliza kuika, pali ntchito imene ambiri amaiwala. Ngati kapasita mwamulumikiza kumunsi kwa ovalodi, pakati pa ovalodi ndi mota, ovalodiyo siikuonanso karenti yonse ya mota. Mota ikakoka 55 A, iyo ikuona 49 A. Mukaisiya pa 55 A, mota idzalemedwa kupitirira mphamvu yake ovalodi ili phee. Itsitseni pa 49 A. Mukamulumikiza pakati pa kontakita ndi ovalodi, isiyeni pa 55 A, chifukwa karenti yonse ya mota ikudutsabe mwa iyo.

Pali malo amene ngakhale kapasita wa kukula koyenera sayenera kumangiriridwa pa mateminolo. Mota imene imayatsidwa ndi kuzimitsidwa pafupipafupi, kapena yobwezedwa m'mbuyo, siipatsa voteji mpata wotha. Kumunsi kwa invata kapasita asayandikire, chifukwa invata imatulutsa voteji yodukaduka imene kwa kapasita ili ngati shoti, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chimapsa. Kumunsi kwa sofuti sitata n'chimodzimodzi. Zigayo zambiri zimayamba ndi sitaa-delita, ndipo apa pafunika maso. Mota ikakhala mu sitaa imafuna gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a ma kvar ake, pafupifupi 4.4 pa mota yathu, ndiye wa 10 kvar uja pa nthawi imeneyo ndi wamkulu. Ndipo ngati makapasita alumikizidwa mopingasa koilo iliyonse, amatsala ndi makoilowo pa kamphindi kosinthira, delita n'kutseka pa voteji yosadziwika. Njira yoyera ndi kumupatsa kapasita kontakita wakewake wopangidwira makapasita, ndi mafyuzi ake, kumtunda kwa sitata, kuti azitseka delita ikatha kugwira ndi kutseguka limodzi ndi sitata. Akatero, mukazimitsa mota ndi kapasita amasiyana, ndipo palibe chodyetsana. Komabe ine sindipyola malire a 0.9 ngakhale pamenepo, chifukwa magetsi akaduka kumtunda makontakita onse awiri atha kukhalabe otseka monga ndafotokozera.

Mwini fakitale akaumirira kuti akufuna 0.98, musakangane naye, ingomuuzani kumene ma kvar otsalawo ayenera kukhala. Aikidwe pa bolodi lalikulu, m'magulu amene chowongolera chimalowetsa ndi kutulutsa potengera katundu wa fakitale yonse. Ngati pali mainvata ambiri, magulu amenewo akhale ndi makoilo otetezera, aja a 7 peresenti amene amaika kugwirizana pa 189 Hz, pansi pa 250 Hz pamene mainvata amasokoneza kwambiri.

Pomaliza ntchito, lembani ndi inki yosafufutika mkati mwa chitseko cha bokosi: nambala ya mota, karenti yopanda katundu imene mwayeza ndi voteji ya nthawiyo, kukula kwa kapasita, ndi pamene mwaika ovalodi. Mota ya 30 kW ikadzapsa pakati pa nyengo yokolola, mwini chigayo adzabwereka ya 18.5 kW kwa mnzake n'kuimanga pa mawaya omwewo. Mota yaing'onoyo mwina imakoka 13 A yopanda katundu, malire ake ndi 8 kvar, ndipo wa 10 kvar amene munasankha mosamala uja wasanduka wopyola. Muuzeni mwiniwake kuti mota ikasinthidwa kapena kumangidwanso makoilo, kapasita ayambe wachotsedwa mpaka wina atayezanso.